WordPress, Webflow kapena Django: webusaiti ya nyumba muimange pa chiyani?

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi. Akufuna webusaiti yoikapo nyumba za lendi ndi zogulitsa, yokhala ndi masefa ofufuzira, tsamba la nyumba iliyonse ndi fomu yoti wofuna nyumba afunsirepo, ndiye aimange pa chiyani? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, choncho ndilembe kamodzi basi. Ndineneretu kuti ndili ndi mbali. Njira imodzi mwa zitatuzi inandivulaza, ndipo chipsera chake ndikadali nacho.

Njira zake ndi izi. Yoyamba ndi WordPress, kaya mugule thimu yopangidwira za nyumba kaya musonkhanitse mapulagini nokha. Yachiwiri ndi kumangira pa nsanja yolipira mwezi ndi mwezi monga Webflow kapena Wix, pomwe seva si yanu ndipo khodi simukhudzana nayo kwenikweni. Yachitatu ndi kulemba nokha, ine ndimagwiritsa ntchito Django ndi PostgreSQL, koma wa Laravel ndi MySQL zambiri mwa zimene ndinenezi zikumukhudzanso. Zoti zonse zitatu zimaoneka bwino pa foni, zimalola zithunzi zambiri komanso zili ndi malo olowera eni ake, sinditayirapo nthawi. Zimenezo aliyense ali nazo. Zimasiyana pa zinthu ziwiri zimene simungazione tsiku logula: mmene zimasungira mtengo ndi zipinda za nyumba, ndi kumene uthenga wa munthu wofunsa umakathera.

Nkhani yanga inayamba ndi mayi wina amene anali ndi kampani yaing'ono ya nyumba, maejenti asanu ndi mmodzi, nyumba pafupifupi 300. Ankafuna webusaiti msanga. Ndinagula thimu ya WordPress yopangidwira za nyumba, yokongola zedi, ya mapu ndi timabatani totsetsereka tosankhira mtengo. Pa chionetsero cha ogulitsa thimuyo panali nyumba 40 zokha, ndipo sefa inkayankha ngati mphezi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Patatha zaka ziwiri nyumba zinali zitafika 1,800, ndipo munthu akasankha dera, zipinda, mabafa ndi mtengo pamodzi, tsamba linkangozungulira masekondi asanu ndi atatu kapena kupitirira.

Chifukwa chake sichinali seva yofooka, ngakhale poyamba ndinaganiza choncho n'kuwalipiritsa mayiwo seva yokulirapo. Vuto linali mmene zinthu zinasungidwira. WordPress inapangidwira zolemba, ndiye chilichonse chowonjezera pa cholemba, kaya mtengo kaya chiwerengero cha zipinda, imachiika m'tebulo limodzi lotchedwa `wp_postmeta`. Tebuloli lili ndi madanga anayi okha: `meta_id`, `post_id`, `meta_key` ndi `meta_value`. Mtengo wa nyumba ndi mzere umodzi, zipinda ndi mzere wina, mabafa winanso. Thimu yanga inkasunga zinthu pafupifupi 40 pa nyumba iliyonse, kutanthauza kuti nyumba 1,800 zinali mizere 72,000, osawerengera ya zithunzi. Chiwerengero chimenechi pachokha n'chochepa, detabesi iliyonse imachinyamula mosavuta. Chovuta n'chakuti danga la `meta_value` ndi la mtundu wa `longtext`, ndiko kuti malemba, ndipo lilibe indekisi. Kupatula pa `meta_id`, indekisi ili pa `post_id` ndi pa `meta_key` basi.

Tsono taonani chimene chimachitika munthu akafuna nyumba ya zipinda zitatu kupita m'mwamba, yosapitirira mtengo wa 100000, kaya ndi ndalama ya dziko liti.

```php
'meta_query' => [
  ['key' => 'price', 'value' => 100000, 'compare' => '<=', 'type' => 'NUMERIC'],
  ['key' => 'bedrooms', 'value' => 3, 'compare' => '>=', 'type' => 'NUMERIC'],
]
```

Mzere uliwonse apa umapangitsa kuti detabesi ilumikize tebulo la `wp_postmeta` kamodzi. Masefa awiri, kulumikiza kawiri. Masefa asanu ndi limodzi, kulumikiza tebulo lomwelo kasanu ndi kamodzi. Ndipo poti mtengo unasungidwa ngati malemba, detabesi iyenera kutenga mzere uliwonse wa mtengo, kuusandutsa nambala, kenako n'kuuyerekeza. Palibe njira yachidule. Zili ngati kufunafuna dzina m'kaundula amene sanalembedwe motsatira zilembo: uyenera kuwerenga tsamba ndi tsamba. Zokumbukira masamba zimene anthu amadalira kuti WordPress ifulumire sizithandiza kwenikweni pano, chifukwa pafupifupi aliyense amasankha masefa akeake, ndiye tsamba lake silinakonzedwepo kale.

Kuchedwa kokha ndikanapirira. Chinandichititsa manyazi n'chakuti sefa inkanama. Ejenti wina anandiimbira kuti nyumba yake ya mtengo wa 85000 sikuoneka munthu akasankha zosapitirira 100000. Nditafufuza ndinapeza kuti pa sefa ina ya thimuyo olemba ake anaiwala `'type' => 'NUMERIC'`. Popanda mawu amenewa mitengo imayerekezedwa ngati malemba, chilembo ndi chilembo kuyambira kumanzere. Pamenepo 8 ndi wamkulu kuposa 1, choncho 85000 imaoneka yaikulu kuposa 100000, nyumba n'kusowa. Nditakonza zimenezo kunatuluka china. Maejenti ena ankalemba mtengo ndi kakoma, 85,000, ndipo MySQL ikamasandutsa malemba oterewa kukhala nambala imaimira pa kakomako n'kutenga 85 yekha. Nyumba zodula zinayamba kutsogola pa mndandanda wa zotsika mtengo. Wina analemba kuti mtengo ngokambirana, detabesi n'kuwerenga 0.

Ngati muli ndi webusaiti yotere kale, kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani nyumba zitatu zongoyesera za mitengo ya 9000, 85000 ndi 100000, muzisanje kuchokera yotsika kupita yokwera. Ikatsogola ya 100000, mitengo yanu ikuwerengedwa ngati malemba. Pa za kuchedwa, ikani pulagini yaulere ya Query Monitor, musankhe masefa onse nthawi imodzi, muone funso limene latenga nthawi yaitali ndi kuchuluka kwa `INNER JOIN` mmenemo. Ndipo musanagule thimu iliyonse, musakhulupirire chionetsero cha nyumba 40. Dzazanimo nyumba zabodza 2,000 ndiye muyese.

Kodi ndiye kuti WordPress ndi yosathandiza pa ntchito imeneyi? Ayi, ndisanamizire. Pali mankhwala awiri. Oyamba ndi kusaika chilichonse mu `wp_postmeta`. Zinthu zimene zili ndi mayankho owerengeka, monga dera, mtundu wa nyumba, kaya ndi ya lendi kapena yogulitsa, ngakhale chiwerengero cha zipinda, ziikeni ngati magulu, zimene WordPress imazitcha `taxonomy`. Matebulo ake ali ndi maindekisi oyenera ndipo amayankha msanga. Mukatero mu `meta_query` mumangotsala mtengo, mwina ndi kukula kwa malo. Achiwiri ndi pulagini monga FacetWP, imene imadzipangira tebulo lake lofufuzira n'kumayankha kuchokera mmenemo. Imagwira ntchito bwino, kungoti ndi yolipira chaka ndi chaka, ndiye muiwerengere pa mtengo wa webusaiti kuyambira pachiyambi. Mankhwala onse awiriwa amafuna kuti muziyendetsa nokha mmene zinthu zikusungidwira. Thimu yogula yathunthu imakhala itasankha kale, ndipo kusintha kwake ndi kuphwasula nyumba uli momwemo.

Pa Django nkhani yonseyi kulibe. Nyumba ndi mzere umodzi m'tebulo limodzi. Mtengo ndi danga la nambala, ndipo ejenti akalemba mawu m'malo mwa nambala fomu imamukanira pomwepo. Zokambirana mtengo zimakhala ndi kabokosi kake kochonga. Indekisi mumaika nokha mogwirizana ndi mmene anthu amafufuzira:

```sql
CREATE INDEX listing_search ON listing (area_id, kind, price)
WHERE status = 'available';
```

Dongosolo la madanga apa lili ndi chifukwa. Zimene munthu amasankha chimodzi chenicheni, dera ndi mtundu, zimayamba. Mtengo, umene amasankha kuchokera pakuti kufika pakuti, umakhala kumapeto. Mzere wachiwiriwo ukutanthauza kuti nyumba zotengedwa kale sizilowa n'komwe mu indekisi. Kunena zoona, pa nyumba 1,800 PostgreSQL ikhoza kungowerenga tebulo lonse osayang'ana indekisi, n'kuyankhabe munthu asanaphethire. Nditasamutsa webusaiti ya mayi aja, kufufuza komwe kuja kwa masekondi asanu ndi atatu kunasiya kumveka kuti kukuchitika. Sindinachite zanzeru zilizonse, ndinangoika nambala m'malo a nambala.

Nanga Webflow? Pa maonekedwe palibe angaipose mwa zitatuzi, ndipo mtengo ungasungidwe ngati nambala yeniyeni. Koma mndandanda umodzi pa tsamba umaonetsa zinthu zosapitirira 100, ndipo masefa oti mlendo azidina yekha anthu ambiri amachita kuwonjezera ndi zida za ena, zotchuka ndi za Finsweet. Masefa oterewa amagwira ntchito mu foni ya mlendoyo: nyumba zonse ziyambe zabwera, kenako zosafunika zibisidwe. Nyumba zikakhala 80, palibe angadandaule. Zikafika mazana ambiri, mukumukakamiza munthu kukopera katundu wa kampani yonse kuti aone nyumba zinayi. Wix ili ndi masefa akeake olumikizidwa ku zosunga zake, ndipo pa sefa yophweka amakwana, koma mukafuna zopotana mudzapezeka mukulemba khodi, chinthu chimene munathawira kumeneko. Nsanja zoterezi zimaikanso malire a zinthu zimene mungasunge malinga ndi ndalama zimene mukulipira, ndipo webusaiti ya nyumba imadya malire msanga chifukwa nyumba zotengedwa sizifufutidwa.

Kanthu kamodzi kakhudza njira zonse zitatu. Zimene munthu wasankha pa sefa zizioneka pa linki ya tsamba, mwachitsanzo `/nyumba?area=12&beds=3&max=100000`. Anthu safuna nyumba okha, amatumizirana ndi amuna awo, akazi awo kapena anzawo ogona nawo. Komanso munthu amatsegula nyumba imodzi, n'kubwerera m'mbuyo, n'kutsegula ina, mwina kakhumi. Akabwerera n'kupeza masefa ake onse afufutika, kachitatu sabwereranso. Thimu yanga ija inkafufuta. Koma linki zoterezi zili ndi msampha wake: madera 30, mitundu 5, zipinda 6 ndi magawo a mtengo 10 ndi masamba 9,000 amene makina a Google angayambe kuwayendera limodzilimodzi, lililonse likupsetsa detabesi. Lolani masamba ochepa okha, monga a dera ndi mtundu, kuti azipezeka pa Google, otsalawo muwatsekere mu `robots.txt`.

Tsopano fomu yofunsira, pamene pali mkwiyo wanga weniweni.

Tsiku lina mayi aja anandiitana n'kundifunsa modekha, kudekha koopsa kuja: "Achimwene, kodi anthu anasiya kufuna nyumba, kapena ndi ife tasiya kumva?" Mafunso ochokera pa webusaiti anali atatsika kwa masabata asanu. Sanatheretu, akanatheratu tikanadziwa tsiku lomwelo. Ankabwera apo ndi apo, moti aliyense ankangoti msika wazizira. Zinaululika chifukwa munthu wina anapita yekha ku ofesi kukadandaula kuti walemba katatu za nyumba imodzi ndipo palibe wamuyankha. Nyumbayo inali idakali yopanda munthu, mwini wake akuwerenga miyezi.

Fomu ya thimu ija inkachita chinthu chimodzi chokha: kutumiza imelo kwa ejenti. Sinkasunga kalikonse. Munthu akadina batani, tsamba linkamuthokoza kuti uthenga wapita, chifukwa `wp_mail()` ikayankha kuti zatheka imangotanthauza kuti uthenga waperekedwa kwa wotumiza, osati kuti wafika. Choipa koposa, thimuyo inkaika imelo ya wofunsayo pa mzere wa `From`, kuti ejenti akangodina kuyankha, yankho lipite kwa iye. Zikumveka zanzeru. Koma kumbali ya wolandira zimaoneka chonchi: seva yosadziwika ikunena kuti ikutumiza m'dzina la munthu wa Yahoo, pomwe si ya Yahoo. Kumeneko ndi kunamizira, ndipo Yahoo inalengeza kale mu 2014, kudzera mu DMARC, njira youzira olandira chochita ndi maimelo onamizira, kuti maimelo otere azikanidwa. Kuyambira mwezi wachiwiri wa 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsanso malamulo, kuti aliyense wotumiza akhale ndi SPF kapena DKIM, njira zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kumene ikunena. N'chifukwa chake mauthenga ena ankadutsa ena ayi: zinkadalira kumene wofunsayo ali ndi imelo ndi kumene ejenti akulandirira. Maejenti anayi mwa asanu ndi mmodzi anali atasamukira ku maimelo okhwima malamulo nthawi yomweyo, ndiye dzenje linakula.

Kukonza kwake ndi mizere iwiri:

```
From: forms@example.com
Reply-To: imelo ya wofunsa
```

Pa `From` pakhale adiresi ya webusaiti yanu, imene mwaiikira SPF ndi DKIM, ndipo uthenga uzidutsira kwa otumiza maimelo enieni kudzera pa SMTP, osati pa seva ya webusaiti. Wofunsayo apite pa `Reply-To`. Ejenti akadina kuyankha, yankho limapitabe kwa munthu woyenera.

Mizere iwiri, koma mafunso a masabata asanu anapita osabwerera, chifukwa panalibe pamene anasungidwa. Ndinalembera ogulitsa thimu ija. Anandiyankha kuti thandizo langa linatha patangopita miyezi isanu ndi umodzi chigulire, ndilipirenso kuti ayang'ane. Ndinalipira. Yankho linabwera loti vuto ndi la seva yanga, ndipo ngati ndikufuna kuti mafunso azisungidwa, pali chowonjezera china chogulitsa padera. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mtengo umene ndinaona tsiku logula unali wa chitseko chokha. Kusunga mafunso kunali kolipira padera, kulola maejenti kuika nyumba okha kolipira padera, kudziwitsa munthu nyumba yofanana ndi imene akufuna ikapezeka nakonso padera. Ine ndinali nditawauza mayi aja mtengo umodzi. Kusiyanako ndinalipira m'thumba mwanga chifukwa cha manyazi.

Ndiye lamulo langa tsopano, kaya ndikumanga pa chiyani, n'lakuti funso liyambe lalembedwa mu detabesi, imelo ibwere pambuyo ngati belu chabe. Mzere wa funso ukhale ndi nambala ya nyumba, ejenti wake, nthawi, ndi chizindikiro choti layankhidwa kapena ayi. Mukatero mwini kampani angathe kuona kuti ejenti uyu ali ndi mafunso khumi osayankha, ndipo imelo ikafa mumadziwa chifukwa mafunso akuunjikana pomwe belu silikulira. Pa mfundo imeneyi, ndivomereze, Webflow ndi Wix amapambana thimu yanga ija kutali, chifukwa amasunga zimene anthu alemba pa fomu popanda inu kuchita kanthu. Chovuta chawo ndi kugawa: kuti funso la nyumba iyi lipite kwa ejenti wake osati kwa onse, nthawi zambiri pamafunika chida china chapakati, nachonso cholipira. Pa WordPress zimatheka ndi pulagini ya mafomu imene imasunga, bola mutsimikize musanayambe. Pa Django ndi ntchito ya masana amodzi.

Fomuyo ikhale yaifupi: dzina, foni kapena imelo, uthenga. Nambala ya nyumba izidzilemba yokha mobisika, munthu asachite kukopera. Sipamu idzabwera ndithu. Danga lobisika limene munthu saliona koma makina amalidzaza limachotsa yambiri, ndipo ikapitirira pamenepo onjezani Cloudflare Turnstile, chida chosiyanitsa munthu ndi makina. Mukaika batani la WhatsApp pambali pa fomu, ndipo muyenera kuliika, linki ya `wa.me` imalola kulemberatu uthenga, choncho muikemo nambala ya nyumba. Kupanda kutero ejenti amangolandira "nyumba ija ikadalipo?" osadziwa kuti ndi iti. Kungoti macheza a pa WhatsApp webusaiti siiwaona, ndiye osachepera muziwerenga kuti batanilo ladinidwa kangati pa nyumba iliyonse.

Tsamba la nyumba palokha ndilidutse msanga, chifukwa pa maonekedwe njira zonse zitatu zimakwanitsa. Mtengo, dera, zipinda ndi batani lofunsira zioneke munthu asanatsike pansi. Chithunzi choyamba chiikidwe pa `og:image` kuti linki ikatumizidwa kwa mnzake izioneka ndi nyumbayo. Maejenti amaika zithunzi mmene zachokera mu foni, zolemera, choncho webusaiti izizichepetsa yokha. WordPress imachita zimenezi kuyambira pa 5.3, imatsitsa zazikulu kufika mapikiselo 2560, koma imasungabe choyambirira pa seva, ndipo chithunzi cha pa foni chimatha kukhala ndi malo enieni pamene chinajambulidwa. Pa nyumba imene mukadali anthu, zimenezo si zoti aliyense azipeza. Mapu nawonso sakuyenera kuloza khomo lenileni, bwalo lozungulira dera ndi lokwanira. Pa mapu pomwepo, Google Maps kuyambira 2018 imafuna akaunti yokhala ndi khadi lolipirira ngakhale musanapitirire gawo laulere, ndipo mathimu ambiri amaonetsa mapu pa chionetsero osakuuzani kuti kiyi yake mukapeza nokha. Leaflet ndi OpenStreetMap amakwana pa kungoonetsa dera, ngakhale maseva aulere a OpenStreetMap salola kuwalemetsa ndi anthu ochuluka.

Chofunika kuganizira kwambiri pa tsamba la nyumba ndi tsiku limene nyumbayo yatengedwa. Musalifufute. Linki yake ili kale m'mafoni a anthu ndi pa Google. Lisiyeni, mulembe moonekera kuti yatengedwa, muchotse fomu, muonetse nyumba zina za dera lomwelo ndi mtengo woyandikana. Ndipo nyumba iliyonse ikhale ndi tsiku limene ejenti anatsimikiza komaliza kuti ikadalipo. Pakadutsa masiku 30 osatsimikiza, ichoke yokha pa zofufuza. Palibe chimene chimathamangitsa anthu ngati kufunsa nyumba zitatu n'kuuzidwa katatu kuti inapita kale. Pa Django ndi kalamulo kamodzi koyenda usiku uliwonse. Pa WordPress zimatheka ndi khodi pang'ono. Pa nsanja zolipira zija mwina mudzadalira munthu kukumbukira, kapena chida chinanso.

Za kusamuka nazo ndinazimva kuwawa. Thimu yanga ija ndiyo inkauza WordPress kuti kuli chinthu chotchedwa nyumba. Nditangoyesa kuika thimu ina, nyumba zonse 1,800 zinasowa pa malo oyendetsera webusaiti. Zinalipo mu detabesi, koma panalibe wozizindikira, ndipo mayina a madanga ake anali a thimu imeneyo yokha. Ngati mwasankha WordPress, nyumba zizikhala mu pulagini, yanu kapena monga Easy Property Listings, thimu izingoyang'anira maonekedwe. Pa Webflow zosungidwa mungazitulutse ngati CSV, koma masamba amene amadzidzaza okha sagwira ntchito kunja kwake. Pa Wix webusaiti simungainyamule n'komwe.

Ndisaoneke ngati ndikugulitsa Django, nayo ili ndi mtolo wake ndipo si wopepuka. Zimene thimu imakupatsani tsiku loyamba, monga kusanja zithunzi, kulowa kwa maejenti, kubwezeretsa mawu achinsinsi oiwalika, masamba ake mudzamanga nokha. Webusaiti ya mayi aja inanditengera masabata asanu ndi awiri, pomwe ya thimu ija inaimirira m'masiku anayi. Malo oyendetsera amene Django imabwera nawo ngabwino kwa ogwira ntchito a mu ofesi, koma ejenti amene ali panja ndi foni amafunika fomu yakeyake yophweka. Seva ndi yanu kuisamala, zosunga zapadera ndi zanu kuziyesa, ndipo ngakhale Django ya nthawi yaitali, monga 4.2 ya 2023 kapena 5.2 ya 2025, imasamalidwa zaka zitatu zokha, kenako muyenera kukwera. Choopsa kwambiri kwa mwini kampani n'chakuti wolemba khodi akachoka, kupeza wina womvetsa zimene anasiya n'kovuta kuposa kupeza wodziwa WordPress. Mayi aja anandifunsa zimenezi maso ndi maso, ndipo yankho langa linali kuwapatsa khodi yonse, makiyi onse a seva, ndi kabuku ka masamba atatu kofotokoza mmene zonse zimayendera.

Ndiye anzanga atatu aja ndawayankha mosiyana. Woyamba ali ndi nyumba zake zosakwana 50, amaika yekha, sadziwa khodi ndipo safuna kudziwa. Ameneyo ndamuuza Webflow kapena Wix, asavutike, malire aja sadzawafika. Wachiwiri akumangira ejenti mmodzi wa nyumba mazana awiri kapena atatu, ndalama n'zochepa. Ndamuuza WordPress, koma ya mapulagini: dera, mtundu ndi zipinda zikhale magulu, mtengo uzilandiridwa ngati nambala yokha, mafunso azisungidwa, imelo idutse pa SMTP, ndipo ayese ndi nyumba zabodza 2,000 asanapereke ntchito. Wachitatu akufuna maejenti ambiri aziika nyumba okha, akulota zikwi. Ameneyo ndamuuza alembe yekha kuyambira tsiku loyamba, ngakhale zichedwe, chifukwa kusamutsa nyumba 1,800 zokhala ndi mitengo yolembedwa m'njira zisanu zosiyana kunanditengera sabata yathunthu ndikuyeretsa pamanja.

Thimu yathunthu ya za nyumba sindinamuuze aliyense. Mwina zilipo zabwino, anthu ena amazitama ndipo sindikuwatsutsa. Wachiwiri uja anaumirira kuti waona ina yokongola kwambiri, ndiye ndamupatsa mafunso atatu oti akawafunse ogulitsawo asanalipire: mtengo wa nyumba umasungidwa kuti, funso la mlendo limasungidwa kuti imelo ikalephera, ndipo ndi zinthu ziti za pa chionetsero zimene zili zolipira padera. Wawalembera Lachiwiri lapitali, tikudikira yankho.